Lipoti: kutenthetsa thupi kwa ana othamanga liwiro, kuchokera pa nkhani ya mnyamata wa zaka 14

Lipotili likukhudza gulu la ana 22 othamanga mitunda yaifupi, a zaka 12 mpaka 16, omwe amaphunzira pa bwalo la udzu la sukulu ina kummwera kwa mzinda wa Johannesburg. Ambiri ndi ana a Amalawi okhala ku Rosettenville ndi Turffontein, ena ndi ana akonkuno. Gululi linakula timu ya South Africa itapata mendulo ya siliva pa mpikisano wopatsirana kamtengo wa mamita 4 x 100 ku Paris mu 2024, poti mmodzi mwa anyamata anayi aja, Bayanda Walaza, anali akadali mwana wa sukulu. Amene amawayang'anira ndi bambo wina wongodzipereka, yemwe ana amamutchula kuti a Kochi. Ine ndimaphunzitsa othamanga liwiro, ndipo a Kochi anandiitana mu Julaye mnyamata wawo wodalirika atavulala kumbuyo kwa ntchafu.

Zomwe zinachitika tsikulo

Ana amafika pabwalo cha m'ma 4 koloko, atakhala pampando m'kalasi tsiku lonse, ena n'kupanikizananso m'takisi. Mu Julaye dzuwa la ku Joni limalowa isanakwane 6 koloko. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wouma, choncho dzuwa likangopendeka chisanu sichichedwa. Udzu umakhala utauma, nthaka ili gwa.

Kutenthetsa thupi kwawo kunali kwa chizolowezi chomwe ambirife tinakula nacho. Ankazungulira bwalo kawiri, kenako n'kukhala pansi mozungulira, kudziwongola mbali iyi ndi iyo kwinaku akuwerenga mokweza, mphindi pafupifupi 10 ali pa udzu wozizira. Akatha ankavula majuzi n'kufola mzere umodzi, chifukwa wotchi inali imodzi ndipo a Kochi ankafuna nthawi ya mwana aliyense pa mamita 60. Mwana mmodzi ankadya pafupifupi mphindi imodzi, kuphatikiza kulemba dzina ndi nthawi m'kope. Aliwiro kwambiri ankaikidwa kumapeto kuti anzawo awaonerere. Ndiye kuti mnyamatayu anaima mphindi 20 atavala kabudula ndi vesiti, pamwamba pa mphindi 10 zokhala pansi zija. Pamene wezulo inkamulirira, theka la ola linali litadutsa chithamangireni komaliza, ndipo kuthamanga komalizako kunali kwa pang'onopang'ono.

Ananyamuka bwino. Atadutsa mamita pafupifupi 40 anamva china chake chikugwira kumbuyo kwa ntchafu yakumanja, anatsimphina mapazi angapo n'kuima. Sanagwe, ndipo sanamve kulira kwa chinthu choduka.

Kupima

Ndinamuona patadutsa masiku awiri, ali ndi mayi ake. Kwa mwana wa msinkhu uwu funso loyamba silikhala la mnofu ayi, limakhala la fupa. Minofu yakumbuyo kwa ntchafu imayambira pa fupa lomwe timakhalira, pansi pa thako. Mwa munthu wamkulu malo amenewa ndi fupa lolimba, koma mwa mwana amene akukula pamakhala chichereŵechereŵe chomwe sichinagwirane ndi fupa lonse. Mnofu ukakoka mwamphamvu, chimayamba kugonja ndi chimenecho, ndipo kachidutswa ka fupa kamatha kuzuka. Zimachitika kwambiri pakati pa zaka 13 ndi 17. Zimachitikanso kutsogolo kwa chiuno, pomwe pamayambira mnofu wakutsogolo kwa ntchafu. Mwana wotere akauzidwa kuti wangokoka mnofu, adziwongole, mumakhala mukukoka bala lomwelo.

Ndinamufunsa kuti, "Loza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka." Analoza kumbuyo kwa ntchafu cha kumtunda, chakunja pang'ono, kutalika kwa zala zinayi kutsika kuchokera pa fupa lokhalira. Kukhala pa mpando wolimba sikunkamuvuta. Atagona chafufumimba n'kupinda bondo ine ndikukaniza pa chidendene, ululu unabwera pamalo omwe aja ndipo mphamvu inali yochepa poyerekeza ndi mwendo wakumanzere, komabe inalipo. Atagona chagada, mwendo wowongoka unkakwera koma unkaima msanga kuposa unzake. Panalibe kutupa kapena kuda kwa magazi oundana pansi pa khungu.

Za kukula kwake ndinazidziwa kwa mayi ake. "Bambo, thalauza la yunifolomu tinagula mu Januwale, pano akakolo ali pamtunda," anatero. Pa khadi la kuchipatala ndi pa tepi yathu panali kusiyana kwa masentimita 9 m'chaka chimodzi. Apa ndiye pachimake pa kukula, pomwe anyamata ambiri amafika ali ndi zaka pafupifupi 14, atsikana cha pa 12. Mafupa amatalika msanga, minofu imatsalira ili yothina, ndipo mwana amakhala ndi miyendo yomwe sanaizolowere. Chifukwa cha msinkhu wake komanso kuyandikira kwa ululu ku fupa, ndinamutumiza kwa dokotala. Ekisire inaonetsa kuti fupa lili bwinobwino. Kunali kung'ambika pang'ono kwa mnofu wakunja mwa minofu itatu yakumbuyo kwa ntchafu, womwe ndi umene umavulala kwambiri mwa othamanga liwiro.

Chifukwa chake pa mamita 40

Pa kunyamuka thupi limakhala lowerama, mapazi ndi aafupi, ndipo ntchito yaikulu ndi kukankha nthaka. Munthu akafika pa liwiro lake lonse zinthu zimasintha. Bondo limakwera kutsogolo, mwendo wam'munsi umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, ndipo phazi lisanagunde pansi minofu yakumbuyo kwa ntchafu iyenera kuugwira mwendowo kuti usapitirire. Pa kanthawi kameneka mnofu ukutalika koma ukukokanso, ndipo katundu wake amakula kwambiri liwiro likamayandikira kumapeto. Ana a msinkhu uwu amafika pa liwiro lawo lonse cha pa mamita 30 mpaka 40, n'chifukwa chake ngoziyi imagwera pamenepo.

Apa ndi pamene pali mfundo yonse ya lipotili. Kuzungulira bwalo sikufikitsa mnofu pa kutalika kapena pa liwiro limenelo. Kudziwongola utakhala pansi kumaufikitsa pa kutalika koma popanda kukoka. Choncho nthawi yoyamba imene mnofu wa mnyamatayu unakumana ndi katundu wa liwiro tsikulo inali pa liwiro lonse, uli wozizira. Kutenthetsa thupi kwa wothamanga liwiro kuyenera kukwera makwerero mpaka pafupi ndi liwiro lomwe akathamange, ndipo kukatha pasapite nthawi yaitali asanathamange.

Kutentha kwenikweni kwa mnofu n'kofunika. Mnofu wofunda umakoka ndi kumasuka msanga, mauthenga a m'mitsempha amayenda mofulumira, ndipo sumakhala wouma ukamatalika. Kutenthaku kumakwera msanga m'mphindi zoyambirira munthu akayamba kuyenda, n'kukhazikika pakati pa mphindi 10 ndi 20. Akaima kumayamba kutsika pomwepo, monga ayironi ya makala mukaisiya pakhonde, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 phindu lambiri limakhala lapita, makamaka miyendo ikakhala pamtunda.

Ndondomeko yomwe tinakonza

Ndinatsata dongosolo la magawo anayi lomwe katswiri wa ku Britain, Ian Jeffreys, analongosola mu 2007: kukweza kutentha, kudzutsa minofu, kumasula mfundo za mafupa, ndi kukwera mpaka pa liwiro. Lonse limatenga mphindi 25 nthawi yozizira, ndipo nthawi yotentha limafupika kufika pa 20. Majuzi ndi mathalauza a thirakisuti savulidwa mpaka gawo lomaliza.

Gawo loyamba ndi mphindi 6, ndipo sitizungulira bwalo. Tinaika makoni motalikirana mamita 30, ana n'kumapita ndi kubwerera m'mizere inayi: kuthamanga pang'onopang'ono, kudumphadumpha manja akuzungulira, kuyenda cham'mbali, kuthamanga chobwerera m'mbuyo. Pozungulira bwalo aang'ono amatsalira, aakulu amacheza, ndipo mphunzitsi saona kalikonse. Pa makoni onse ali pamaso panu, ndiye wotsimphina mumamuona asanavale nsapato za minga. Chizindikiro choti gawoli lakwana si wotchi koma thupi: kathukuta pamphumi kapena pamsana, kupuma kokwera koma mwana akutha kulankhula. Kukazizira kwambiri timaonjezera mphindi ziwiri. Mwana wongobwera kumene kuchokera kunyanja, kaya ku Salima kaya ku Mangochi, amapuma mwawefuwefu masabata oyamba chifukwa cha kukwera kwa malo ano, choncho timamupatsa mpata wopuma wokulirapo osamuyesa waulesi.

Gawo lachiwiri ndi lachitatu timaliphatikiza, mphindi 6 kapena 7, ndipo pafupifupi zonse zimachitika ataimirira kapena akuyenda. Amaponda phazi patali kutsogolo n'kutsitsa bondo lakumbuyo pafupi ndi nthaka, kasanu ndi kamodzi mwendo uliwonse. Amaima ndi mwendo umodzi, kuwerama msana uli wowongoka, mwendo winawo ukukwera kumbuyo, kasanu mbali iliyonse. Ichi ndimachikonda kuposa zonse, chifukwa chimatalikitsa mnofu wakumbuyo kwa ntchafu uli pa ntchito, ndiponso chimaulula mwana amene chiuno chake chimagwedera. Amagwirana mapewa awiriawiri n'kumaponya mwendo kutsogolo ndi kumbuyo kakhumi, kuyamba motsika, kukwera pang'onopang'ono, osauponya ndi mphamvu yonse koyamba. Chogona pansi ndi chimodzi chokha: kugona chagada, mawondo opinda, kukweza chiuno ndi mwendo umodzi kasanu ndi katatu. Chimatenga mphindi imodzi ndipo amadzuka pomwepo.

Kenako mphindi 5 za kaponyedwe ka miyendo pa mamita 20: kuguba mawondo akukwera, kudumphadumpha bondo likukwera phazi n'kutsika pansi pa chiuno, kuthamanga miyendo ili yowongoka ngati ukupalasa nthaka, ndi kudumpha ting'onoting'ono pa akakolo. Chilichonse kawiri. Masewera ena aja okweza bondo kenako n'kuponya phazi kutsogolo ndinawachotsa kwa ana osakwana zaka 15. Akawachita molakwika amaphunzira kuponda phazi kutsogolo kwambiri kwa thupi, chomwe ndi chimene chimalemetsa mnofu womwe tikuuteteza. Pa nthaka youma ya Julaye kudumpha pa akakolo timakuchepetsanso, chifukwa ana a zaka 12 ndi 13 ndi amene amadandaula zidendene.

Makwerero a liwiro

Gawo lomaliza, mphindi 8, ndi limene kale kunalibe, ndipo ndi limene limavuta kuphunzitsa. Mukauza mwana wa zaka 14 kuti athamange 70 pa 100 ya liwiro lake, mnzake ali pambali, onse awiri amathamanga 100. Ndiye tinasandutsa maperesenti kukhala masekondi.

Nthawi yabwino ya mnyamatayu pa mamita 60 asanavulale inali masekondi 8.0. Kuti mupeze nthawi ya liwiro locheperapo, mumagawa nthawi yabwinoyo ndi gawo la liwiro lomwe mukufuna. Pa 70 pa 100 ndi 8.0 kugawa ndi 0.7, yomwe ndi masekondi 11.4. Pa 80 pa 100 ndi masekondi 10.0, ndipo pa 90 pa 100 ndi 8.9. Makwerero ake ndi amenewo: koyamba 11.4, kachiwiri 10.0, kachitatu 8.9, ndipo pakati pake amabwerera akuyenda, osathamanga, mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri. Masamuwa si angwiro, poti nthawi ya mamita 60 imaphatikiza kunyamuka, koma amamupatsa mwana chinthu chogwirika. Tsiku loyamba kuyesa ndi gulu lonse, mtsikana wina amene anayenera kufika pa masekondi 13 anafika pa 10, n'kunena kuti, "A Kochi, komatu ndimangoyenda." Pakatha masabata awiri kapena atatu ambiri amadziwa liwiro lililonse m'thupi mwawo ndipo wotchi siifunikanso.

Kuti asapikisane, sitiwanyamutsa limodzi pamzere umodzi. Wachiwiri amanyamuka woyamba atafika pa koni ya mamita 10. Kachitatu kaja ndi pamene amavula thalauza ndi kuvala nsapato za minga, ndipo liwiro amalikweza pang'onopang'ono n'kuligwira pa mamita 20 omaliza okha. Akadutsa mzere sagwira buleki mwadzidzidzi, amalola liwiro kutha lokha pa mamita ena 20. Pomaliza amanyamuka kawiri mwamphamvu pa mamita 20, ali chiimire kapena pa mabuloko, zopondera zomwe othamanga amakankha ponyamuka, ngati tsikulo kuli mabuloko. Ana a zaka 12 ndi 13 makwerero awo timawachita pa mamita 40.

Makwererowa ndi mpimonso. Lamulo lathu ndi lakuti amene wamva kukoka, kubaya kapena kuthina kwa mbali imodzi pa 80 pa 100 sakwera pa 90, ndipo tsikulo sathamanga liwiro lonse. Kuthina kwa miyendo yonse iwiri komwe kukuchepa pa kwerero lililonse sikudetsa nkhawa. Kwa mwendo umodzi, pamalo olozeka ndi chala, komwe kukukula liwiro likamakwera, ndiko koimitsa. Ana amabisa, makamaka kukakhala kusankha timu, choncho maso a mphunzitsi aone phazi lofupika mbali imodzi kapena dzanja lomwe likumangopita kumbuyo kwa ntchafu.

Mzere ndi ochedwa

Ndondomeko yabwino imafera pamzere. Tinathetsa mzere umodzi uja: ana amathamanga anayianayi, makolo awiri kapena ana aakulu akugwira nthawi pa foni, ndiye gulu lonse limatha m'mphindi 6 kapena 7. Aliwiro kwambiri amayamba, chifukwa ndi amene minofu yawo imasenza katundu wamkulu. Amene akudikira amavala juzi ndipo amayendayenda. Kudikira kukapitirira mphindi 10, kaya chifukwa a Kochi akulongosola zinazake, timabwereza mphindi ziwiri: kudumphadumpha pa mamita 30 ndi kuthamanga kamodzi pa 80 pa 100.

Vuto lomwe silingathe ndi la ochedwa. Takisi ikachedwa mwana amafika anzake ali pa mabuloko, ndipo amafuna kungolowa. Tinamukonzera njira yachidule ya mphindi 12: mphindi 5 za pa makoni, kuwerama ndi mwendo umodzi ndi kuponya miyendo mphindi ziwiri, kenako makwerero onse atatu. Nthawi ikachepa timadula zapakati, koma gawo loyamba ndi lomaliza sitilichotsa. Amene wafika mochedwa kwambiri moti mphindi 12 palibe, tsikulo amachita zina, osati liwiro.

Za kudziwongola ndi mafuta opaka

Bambo ake a mnyamatayu anasewerapo mpira kumudzi, ndipo atabwera kudzaona anadabwa. "Aphunzitsi, ndiye ana sakudziwongolanso? Ife tisanalowe m'bwalo tinkayamba ndi zimenezo." Ndinawayankha kuti, "Bambo, akudziwongola ndithu, koma akuyenda." Kafukufuku amasonyeza kuti kugwira mnofu uli wotambasuka kwa masekondi 60 kapena kuposa kumachepetsako mphamvu yake kwa kanthawi, pamene kugwira kwa masekondi osapitirira 30 sikusintha zambiri. Ndiye kudziwongola sindikuletsa. Mwana amene akumva kuti malo ena athina amagwira masekondi 20 pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri, ataimirira. Chomwe ndinachotsa ndi mphindi 10 zokhala pa udzu wozizira, zomwe zimawononga kutentha komwe wangokupeza. Kudziwongola kwa nthawi yaitali timakuchita pomaliza kapena kunyumba, ndipo kwa mwana amene akumva ululu pa fupa lokhalira sitikuchita konse.

Bambowo anali atamugulira mnyamatayu mafuta opaka otentha aja. Amenewa amatenthetsa khungu ndi kuphimba ululu, koma mnofu uli mkati sautenthetsa, ndiye salowa m'malo mwa kuthamanga. Ndinapemphanso kuti masiku oyamba asamusisite mwamphamvu pa bala, chifukwa zimaonjezera kutaya magazi m'kati.

Mphamvu, yomwe kutenthetsa sikungapereke

Kutenthetsa thupi kumakonza mnofu womwe mwana ali nawo lero, koma sikuupatsa mphamvu. Umboni wolimba kwambiri wochepetsa kuvulala umachokera ku mapulogalamu omwe amaphatikiza ziwirizi. Ku Norway mu 2008, atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17 anayesedwa ndi ndondomeko ya mphindi 20 yotchedwa 11+, ndipo kuvulala konse pamodzi kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mu 2019 Nicol van Dyk ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 15 zokhudza osewera oposa 8,000, n'kupeza kuti mapulogalamu okhala ndi masewera olimbitsa minofu otchedwa nodiki amachepetsa kuvulala kwa minofu yakumbuyo kwa ntchafu ndi pafupifupi theka. Ambiri mwa anthuwo anali ampira, osati othamanga liwiro, koma mnofu ndi womwewo ndipo ampira nawonso amavulala akuthamanga mwaliwiro.

Nodiki imachitika awiriawiri. Mmodzi amagwada pa juzi yopinda, mnzake n'kumugwira akakolo. Wogwadayo amagwera kutsogolo pang'onopang'ono, thupi lowongoka kuchokera pa bondo mpaka pa phewa, akudziletsa ndi minofu yakumbuyo kwa ntchafu mpaka italephera, kenako amadzilandira ndi manja. Akapinda m'chiuno matako n'kutulukira kumbuyo, ndiye kuti wathawa ntchitoyo. Kwa ife nodiki imabwera kumapeto, liwiro litatha, chifukwa imatopetsa mnofu womwe ukufunika pa mamita 40 aja, ndipo mnofu wotopa ndi umene umang'ambika. Tinayamba ndi maulendo awiri a katatu, kamodzi pa sabata, n'kukwera m'masabata asanu ndi limodzi kufika maulendo awiri a kasanu ndi kamodzi, kawiri pa sabata. Sabata yoyamba miyendo imaphwanya masiku awiri kapena atatu, ndipo makolo ayenera kuuzidwiratu, apo ayi mwana sabweranso. Pasanathe masiku atatu kuti kukhale mpikisano sitiichita. Mwana amene bondo limamupweteka pansi pa chivindikiro, vuto lofala pa msinkhu womwewu, kugwada kumamuvuta, ndiye amagona chagada, kukweza chiuno n'kumasendeza zidendene patali pang'onopang'ono.

Kubwerera kwa mnyamatayu

Sitinawerenge masiku koma zizindikiro. Sabata yoyamba anayenda, kukweza chiuno ndi miyendo iwiri, ndi kukanikiza chidendene pansi mopanda ululu. Atayenda mwachangu osatsimphina anayamba kuthamanga pang'onopang'ono ndi kuchita magawo oyamba a ndondomeko pamodzi ndi anzake. Makwerero aja ndi amene anakhala njira yake yobwerera: masiku angapo pa masekondi 11.4 okha, kenako 10.0, ndipo kukwera kulikonse kunkadalira kuti m'mawa mwake wadzuka bwanji. Pa 8.9 anafika ululu wa pamalo omwe analoza ndi chala aja utatha ndiponso mphamvu yopinda bondo itafanana miyendo yonse. Nodiki anaiyamba mochedwa kuposa anzake, sabata yachitatu, poyamba akugwera kutsogolo theka chabe. Liwiro lonse anabwerera m'sabata yachisanu. Masabata awiri oyamba munthu atabwerera ndi amene bala limakonda kuyambiranso, choncho nthawi imeneyo sanapitirire kuthamanga katatu mwaliwiro lonse pa tsiku, ndipo pakati pa masiku a liwiro pankakhala masiku awiri.

Mpaka Disembala panalibenso wong'amba mnofu m'gululi. Ana 22 m'miyezi isanu ndi ochepa kuti munthu anene kuti ndondomeko ndiyo yachititsa, ndiponso kunja kunali kukutentha. Odandaula analipo ndithu: mtsikana wa zaka 12 chidendene, mnyamata wina bondo. Amenewa ndi mavuto a kukula ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo mankhwala ake anali kuchepetsa kudumpha ndi kuthamanga, osati kutalikitsa kutenthetsa. Tsopano timayeza msinkhu wa mwana aliyense miyezi itatu iliyonse, ndipo amene watalika masentimita 2 kapena kuposa timamuchepetsera liwiro ndi kudumpha.

Tsiku la mpikisano

Mipikisano ya sukulu kuno imachitika kuyambira Januwale mpaka Malichi, kukutentha, ndipo vuto limasanduka lina. Pa mipikisano ikuluikulu, monga ya ku Germiston kapena ku Ruimsig, othamanga amaitanidwa kumalo odikirira nthawi isanakwane, ndipo kumeneko malo othamanga kulibe. Timawerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati mpikisano ndi 10:30 ndipo akuitanidwa 10:10, mnyamatayu amayamba 9:45, gawo loyamba kulifupikitsa kufika mphindi 4, n'kumaliza kunyamuka kwake komaliza cha pa 10:05. Amalowa atavala thalauza ngakhale kukutentha, botolo la madzi lili m'manja, ndipo m'malo mokhala pansi nthawi yonse amaimirira mphindi zingapo zilizonse n'kudumphadumpha pamalo amodzi masekondi 20. Akatulutsidwa n'kukonza mabuloko, amagwiritsa ntchito mpata wonyamuka kamodzi womwe amapatsidwa, osauphonya chifukwa cha manyazi.

Ngati pali mpikisano wachiwiri pasanathe ola limodzi, sabwereza zonse. Mphindi 3 zoyendayenda, kuponya miyendo, ndi makwerero awiri, 80 ndi 90 pa 100, zimakwana. Masana a Febuluwale mvula ya ziphaliwali imaimitsa mpikisano kawirikawiri, ana n'kuthawira pansi pa denga atanyowa. Kuima kukapitirira theka la ola amasintha malaya onyowa ndipo amayambiranso kuchokera pa gawo loyamba, ngakhale zitatanthauza kupempha oyang'anira mphindi 10 asanawafole pamzere.